Perefyumu amene ndinagula anasintha fungo patapita maola atatu: kodi ndinalakwitsa pati pomuyesa?

Nambewe:
Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa bwino za maperefyumu. Sabata yatha ndinagula botolo la mamililita 100 nditangonunkhiza kamodzi kokha pakapepala kamene wogulitsa anandipatsa. Fungo lake linali lopepuka, la mandimu ndi malalanje, ndipo ndinalikonda nthawi yomweyo moti sindinaone chifukwa chodikirira. M'mawa mwake ndinadzifayira kawiri pakhosi ndi kamodzi pamkono, koma pofika masana fungo la mandimu lija linali litatheratu, ndipo chimene chinatsala chinali fungo lotsekemera kwambiri, lolemera, longa la vanila, limene linandipweteketsa mutu mpaka madzulo. Ndayesanso masiku awiri otsatira ndipo zachitika chimodzimodzi. Kodi ndinalakwitsa pati, nanga ndidzatani ulendo wina kuti ndisagulenso chinthu chimene sindingathe kuchigwiritsa ntchito?

Gondwe:
Mayi Nambewe, ine ndikuona ngati anakugulitsani wachinyengo. Perefyumu weniweni sasintha fungo. Yang'anani bwino katoni yake ndi pansi pa botolo kuti muone ngati nambala zimene zalembedwapo zikufanana, chifukwa kawirikawiri mpamene amagwidwira.

Phiri:
Bambo Gondwe, kufananitsa nambala ya pakatoni ndi ya pabotolo ndi nzeru yabwino ndithu, koma pa nkhani ya Mayi Nambewe sindikuona kuti vuto lili pamenepo. Ndinagwira ntchito yogulitsa maperefyumu kwa zaka zingapo, ndipo dandaulo ili ndi limene ndinkalimva kuposa ena onse, ngakhale kuchokera kwa anthu amene anagula katundu weniweni wosakayikitsa. Perefyumu weniweni amasintha fungo, ndipo opanga amamupanga dala kuti azitero.

M'botolo limodzi mumakhala zinthu zonunkhira zambirimbiri zosungunulidwa mu sipiriti, ndipo zinthu zimenezi siziuluka pa liwiro limodzi zikafika pakhungu lofunda. Sipiriti ndiye amayamba kuchoka, pasanathe ngakhale mphindi imodzi. Kenaka zimatsatira zopepuka monga mandimu, malalanje ndi timasamba tina tonunkhira, zimene nthawi zambiri zimamveka bwino kwa mphindi 10 kapena 15 zokha, ndipo zikakhalitsa sizipitirira theka la ola. Pambuyo pake mpamene fungo lapakati limaonekera, limene kawirikawiri limakhala la maluwa kapena la zokometsera, ndipo limeneli limatenga ola limodzi kufikira maola atatu. Chotsalira pomalizira ndi zolemera, monga vanila, chonunkhira chimene pa Chingerezi amati musk kapena kuti masiki, utomoni ndi mitengo yonunkhira, zimene zimakhala pakhungu maola ambiri ndipo pachovala zimatha kugona mpaka mawa.

Choncho chimene munakonda m'sitolo muja, Mayi Nambewe, chinali mphindi 15 zoyambirira za perefyumu amene mumakhala naye maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Vanila amene wakuvutitsaniyo analimo kuyambira pachiyambi, kungoti mandimu anamuphimba.

Nambewe:
Zikomo Bambo Phiri, zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndinaona, chifukwa kusinthako kunachitika pang'onopang'ono osati mwadzidzidzi. Koma ndili ndi funso pa kapepala kaja. Ndinakapeza m'chikwama patapita masiku awiri, ndipo kanali kakununkhirabe bwino, kopanda kulemera kumene ndinakumva pathupi panga. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti khungu langa ndi limene likuwononga perefyumuyu?

Phiri:
Sindinganene kuti likumuwononga, koma pepala ndi khungu ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pepala ndi lozizira, louma, lilibe mafuta kapena thukuta, ndiye zinthu zopepuka zija zimakhalitsapo ndipo zolemera sizikwera mwamphamvu. Khungu ndi lofunda ndipo lili ndi mafuta ake, choncho limathamangitsa zopepukazo msanga n'kusunga zolemerazo, ndipo kutentha kwa thupi kumazikankhira m'mwamba kufupi ndi mphuno zanu, makamaka mukafayira pakhosi monga munachitira. Ntchito ya kapepala ndi kukuthandizani kuchotsa amene simukuwafuna n'komwe, kuti musadzaze thupi lanu ndi mafungo ambiri. Chisankho chogula chimayenera kuchokera pakhungu.

Mmene ndinkalangizira anthu ndi motere. Mupite musanadzole mafuta onunkhira m'manja ndipo musanathire perefyumu wina aliyense, ngakhale sopo wonunkhira kwambiri mumupewe tsiku limenelo ngati n'kotheka. Nunkhizani atatu kapena anayi pamapepala, mutalemba dzina la aliyense papepala lake, chifukwa pakatha mphindi zochepa simudzakumbukira kuti kapepala aka n'ka botolo liti. Mwa amenewo sankhani awiri okha. Wina mufayire kamodzi mkati mwa mkono wamanja, pamene pamakhala wotchi, ndipo winayo kumanzere, botolo lili patali pafupifupi masentimita 15 kuti madziwo amwazike osati kuyenderera. Dikirani kuti paume musananunkhize, chifukwa mukafulumira mumangokoka sipiriti amene amaziziritsa mphuno kwa kanthawi. Mukatero tulukani m'sitolomo, popeza mpweya wa mmenemo umakhala utadzaza kale ndi mafungo a anthu ena onse amene anayesa inu musanabwere. Nunkhizani pakatha mphindi 15, kenaka pakatha ola limodzi, kenaka pakatha maola atatu kapena anayi, ndipo komaliza madzulo. Ngati mukumukondabe pa nthawi yachitatu ndi yachinayi, ameneyo ndiye woti mubwerere mukagule.

Mwale:
Ndikugwirizana ndi a Phiri pa zodikira, koma pa zoyesa awiri okha ndikuona kuti akukhwimitsa zinthu mosafunikira. Masitolo ambiri amaika kambale ka njere za khofi pafupi ndi mabotolo, ndipo ukanunkhiza khofiyo mphuno zimayambiranso ngati zatsopano, moti ine ndimayesa ngakhale asanu ndi atatu ulendo umodzi. Chinanso chimene sanatchule n'chakuti ukafayira pamkono usamatikite mikono iwiri pamodzi, chifukwa kutero kumaphwanya perefyumuyo n'kumusandutsa chinthu china.

Phiri:
Bambo Mwale, pa zotikita mikono mwalondola pa zoyenera kuchita, koma chifukwa chake si chimenecho. Mphamvu ya manja a munthu singaphwanye tizinthu timene timapanga fungo. Chimene chimachitika n'chakuti kutikitako kumatenthetsa khungu ndi kumwaza madziwo pamalo aakulu, ndiye fungo loyambirira lija limauluka msanga kuposa mmene likanachitira. Pa tsiku wamba zimenezi si nkhani yaikulu, koma poyesa zimakubisirani gawo lina la perefyumuyo, ndipo ngati mwaika maperefyumu awiri osiyana pamikono iwiriyo ndiye kuti mwawasakaniza ndipo kuyesako kwathera pomwepo.

Pa za khofi sindikugwirizana nanu. Khofi nayenso ndi fungo, ndiponso lamphamvu, choncho mukuwonjezera ntchito pamphuno zimene zatopa kale. Kafukufuku wina waung'ono amene anasindikizidwa mu 2011 anayerekeza kununkhiza khofi, ndimu ndi mpweya wamba pakati pa mafungo, ndipo khofi sanapose mpweya wamba. Chimene ndinkachita ine ndikatopa mphuno kuntchito chinali kutuluka panja kwa mphindi zingapo, kapena kununkhiza mkati mwa chigongono changa pamene sindinathirepo kanthu, chifukwa fungo la thupi lako ndi limene mphuno inalizolowera kale.

Mwale:
Kafukufukuyo sindikumutsutsa, koma ine ndimamva kusiyana ndikanunkhiza khofi, ndipo sindikuganiza kuti ndikungodzinamiza. Mwina chimene chimandithandiza ndi kupumira kumene ndimapumira pamene ndikununkhiza khofiyo, sindikudziwa. Komabe ndivomere kuti pa asanu ndi atatu aja, amene ndimawakumbukira bwino ndikafika kunyumba amakhala awiri oyambirira ndi womalizira, ndipo apakatiwo amangosakanikirana m'mutu.

Nachisale:
Pepani kuti ndilowetse nkhani yanga, koma ikukhudza kudikira komweku. Ine ndinachita zonse zimene a Phiri anena, ndinadikira tsiku lathunthu, fungo linandisangalatsa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo mawa lake ndinakagula. Pa tsiku lachitatu pakhosi panga panayamba kuyabwa, panatuluka totupa ting'onoting'ono, ndipo totupato titapola panatsala banga lakuda limene linatenga miyezi kuti lizimiririke. Pamkono pamene ndinayesera poyamba sindinaonepo kanthu tsiku loyambalo. Ndiye kwa ine maola anayi kapena asanu ndi limodzi amene mukunenawa sanali okwanira ngakhale pang'ono.

Phiri:
Mayi Nachisale, mwachita bwino kutchula zimenezi, chifukwa pali kudikira kwa mitundu iwiri ndipo ine ndinangofotokoza umodzi. Maola anayi mpaka asanu ndi limodzi ndi oti mudziwe ngati fungo likukusangalatsani. Kudziwa ngati khungu lanu likugwirizana ndi perefyumuyo kumafuna nthawi yotalikirapo. Ngati pakhungu pawotcha kapena pafiira nthawi yomweyo, kawirikawiri amakhala sipiriti amene wagwera pakhungu louma kapena pamene mwameta kumene, ndipo zimatha msanga. Koma pamene thupi likudana ndi chinthu china cha m'perefyumumo, zizindikiro zimachedwa, zimayamba pakatha tsiku limodzi kufikira masiku atatu, ndipo nthawi zina zimafuna kuti munthu athire kangapo zisanaonekere. N'chifukwa chake munthu amene khungu lake limavuta ayenera kuyesa mkati mwa mkono, malo omwewo, kwa masiku angapo otsatizana asanafike pakhosi, pamene khungu ndi lopyapyala ndipo limaombedwa ndi dzuwa.

Banga lakuda lija likhoza kukhala chipsera chimene chimatsala khungu likatupa, chimene chimaoneka kwambiri kwa ife akhungu lakuda, koma palinso mafuta ena ochokera ku zipatso za mtundu wa malalanje amene amadetsa khungu akakumana ndi dzuwa, ngakhale kuti opanga ambiri masiku ano amachotsamo chinthu chimene chimachititsa zimenezo. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya dokotala wa khungu, amene angathenso kukuyezani kuti adziwe chinthu chenicheni chimene thupi lanu likudana nacho. Mukadziwa dzina lake, muziliyang'ana pa mndandanda umene umalembedwa kumbuyo kwa katoni, pamene mumapezeka maina monga Limonene, Linalool ndi Eugenol.

Nachisale:
Katoniyo ndinataya kale, koma ndikuona kuti ndikhoza kukawerenga pa ina ya m'sitolo. Kuyambira nthawi imeneyo ndimafayira pachovala osati pathupi, ndipo sindinatupenso. Sindikudziwa ngati kuyesera pachovala kungapatse munthu chithunzi chenicheni cha fungo.

Gondwe:
Funso la Mayi Nachisale likundikhudza inenso, koma ndiyambe ndabwerera pa zimene ndinanena poyamba. Ndavomera kuti kusintha fungo si umboni wa chinyengo. Koma nanga amene amatheratu pakatha ola limodzi? Ine ndinayesa wina pamkono, ndinadikira monga mukunenera, ndipo pofika ola lachiwiri sindinkamva chilichonse ngakhale nditagunditsa mphuno pamkonopo. Ameneyo sindinagule, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti botolo loyesera lija anathiramo madzi kapena sipiriti.

Phiri:
Ndiyambe ndi Mayi Nachisale mwachidule. Chovala chimachita zinthu mofanana ndi pepala, kutanthauza kuti fungo limasintha pang'onopang'ono ndipo limakhalitsa. Ngati mudzakhala mukufayira pachovala nthawi zonse, ndiye kuti kuyesera pachovala ndiko koyenera kwa inu, bola muyambe pamalo obisika chifukwa maperefyumu amtundu wodera amasiya banga pansalu zoyera.

Bambo Gondwe, nkhani yanu ndi imene imasokoneza anthu ambiri poyesa, chifukwa pali zinthu zingapo zimene zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Choyamba n'chakuti mphuno imasiya kumva fungo limene lakhala pafupi nayo kwa nthawi, monga momwe munthu samvera fungo la m'nyumba yake pamene mlendo akulimva akangolowa. Munthu amene akuyesa perefyumu amakonda kununkhiza mkono wake mphindi zisanu zilizonse, ndipo potero amatopetsa mphuno yake yekha n'kuyamba kunena kuti perefyumu watha pamene ena akumumvabe. Njira yodziwira ndi yosavuta. Musanunkhize mkonowo kwa ola lathunthu, kenaka mufunse munthu amene sanali nanu pamene munkafayira kuti akuuzeni ngati akumva kanthu ataima pafupi, ndiponso atanunkhiza mkonowo. Akamva iye pamene inu simukumva, vuto si la perefyumu.

Chachiwiri, pali zinthu zina zonunkhira, makamaka mitundu ina ya masiki, zimene anthu ena sazimva n'komwe ngakhale mphuno zawo zili bwinobwino pa mafungo ena onse. Ngati gawo lomalizira la perefyumu lamangidwa pa chinthu chotero, kwa inu amakhala ngati watha pamene mnzanu akuti mwathira wambiri. Chachitatu ndi mphamvu ya perefyumuyo, imene imalembedwa pabotolo. Amene analembedwa EDT, kutanthauza Eau de Toilette, amakhala ndi mafuta onunkhira ochepa, pafupifupi magawo 5 mpaka 15 pa 100 alionse, pamene EDP, kutanthauza Eau de Parfum, amakhala ndi pafupifupi 15 mpaka 20. EDT wa mandimu pakhungu louma tsiku lotentha akhoza kutha m'maola awiri popanda chinyengo chilichonse. Apa ndiwonjezere kuti muziyang'ana ngati botolo limene mwayesa lili ndi zilembo zofanana ndi limene mukugula, chifukwa EDT ndi EDP a dzina limodzi nthawi zambiri samangosiyana mphamvu, amasiyananso fungo.

Gondwe:
Tsiku limenelo ndinali ndekha ndipo sindinafunse munthu, komanso ndikuvomera kuti ndinkanunkhiza pafupipafupi. Koma zothira madzi m'botolo loyesera sindinazichotse m'maganizo.

Mwale:
Ine ndimamva kuti zimene munthu amadya ndiponso asidi wa pakhungu ndi zimene zimachititsa kuti perefyumu mmodzi amveke mosiyana pa anthu awiri. Mlongo wanga ndi mkazi wanga amagwiritsa ntchito botolo la mtundu umodzi, koma ukakhala pafupi nawo sungakhulupirire.

Phiri:
Kuti amamveka mosiyana pa anthu awiri, zimenezo ndaziona kambirimbiri. Pa chifukwa chake, zimene ndingaikire umboni ndi kuuma kapena mafuta a khungu, kutentha kwa thupi, thukuta, ndi zimene munthu wadzola kale. Anthu awiri amene mukunenawo mwina amadzola mafuta osiyana ndi kusambira sopo wosiyana, ndipo zimenezo zokha n'zokwanira kusintha fungo. Za zakudya anthu amazinena kwambiri, koma ine ndimaziika pambuyo pa zinazi. Mulimonsemo, perefyumu amene mwamukonda pa mnzanu muyenerabe kumuyesa pa mkono wanu.

Nambewe:
Ndabwerera patapita masiku asanu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Loweruka ndinapita ndisanadzole kanthu m'manja, ndinanunkhiza anayi pamapepala, ndipo awiri ndinawakana pomwepo. Nthawi ya 10 koloko m'mawa ndinafayira wina kumanja ndi wina kumanzere, onse EDP, kenaka ndinatuluka ngakhale kuti wogulitsa anayesetsa kundiuza kuti mabotolo atsala ochepa. Ndinkalemba mufoni chimene ndikumva nthawi iliyonse.

Pakatha mphindi 15, wakumanja ndi amene anandikopa, chifukwa anali wowala, wa zipatso, wofanana ndithu ndi amene ndinagula molakwitsa uja, pamene wakumanzere anali wowawirira ngati masamba aawisi ofinyidwa ndipo ndikanakhala kuti ndikusankha pomwepo ndikanamusiya. Pofika 11 koloko onse awiri anali a maluwa ndipo sindinkatha kunena amene akuposa mnzake. Cha m'ma 2 koloko masana, kunja kutatentha ndipo nditatuluka thukuta pang'ono, wakumanja anayamba kutsekemera kolemera kuja, ndipo ndinakuzindikira msanga chifukwa mutu unayamba kundikoka chimodzimodzi. Wakumanzere anasanduka fungo lofatsa la mtengo wouma, loyera ngati chovala chochapa kumene. Pofika 6 koloko madzulo sindinkamumvanso wakumanzereyo, koma ndinakumbukira zimene Bambo Phiri anauza Bambo Gondwe, ndipo nditafunsa mng'ono wanga amene anali atangofika kumene, anati akumumva bwinobwino atangokhala pampando woyandikana nane.

Sindinagulebe. Ndinapempha kabotolo koyesera ka mamililita awiri, ndipo ndakhala ndikuthira mkati mwa mkono masiku atatu otsatizana chifukwa cha nkhani ya Mayi Nachisale. Mpaka pano palibe kuyabwa.

Phiri:
Zimene mwalembazi zakuuzani chinthu chimene chidzakuthandizeni ngakhale pa mabotolo ena, Mayi Nambewe, chakuti mphuno yanu imakopeka ndi zipatso poyamba koma mutu wanu sugwirizana ndi zotsekemera zolemera zimene kawirikawiri zimabisala pansi pake. Ulendo wina muzifunsa wogulitsa kuti pansi pa perefyumuyo pali chiyani musanamuike pakhungu. Kabotolo ka mamililita awiri kamatulutsa kufayira pafupifupi 20, choncho muli ndi mpata woyesa kamodzi pakhosi ndi muyeso umene mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa fungo limene lili bwino pamkono, kutali ndi nkhope, likhoza kukulemerani likakhala pansi pa mphuno tsiku lonse. Muyesenso tsiku lina lozizira, popeza gawo lowawirira lija limakhalitsa kukazizira ndipo mudzafunika kudziwa ngati mungalipirire kwa theka la ola.

Nachisale:
Mukafika pakhosipo, Mayi Nambewe, mudikirenso masiku atatu ena musanapite ndi ndalama, chifukwa inenso pamkono panali bwinobwino.

Gondwe:
Ine ndibwerera kukayesanso uja ndinamukayikira, ndipo ulendo uno ndipita ndi mkazi wanga koma iye adzadikira panja kuti mphuno yake isalowe m'sitolomo. Funso limene latsala kwa ine ndi lakuti, akamumva iye pamene ine sindikumumva, kodi n'kwanzeru kugula perefyumu amene mwiniwake samumva pakatha ola limodzi?

Mwale:
Ine sindingagule, chifukwa ndikhoza kumangowonjezera kufayira mpaka anzanga a muofesi atayamba kutsegula mawindo. Koma mkazi wanga akuti iye angagule, bola anthu amene amawakhulupirira atamuuza kuti kufayira kawiri n'kokwanira.